Disiki yadzaza: mmene mungapezere foda imene yadya malo

Mukatsegula This PC pa kompyuta ya Windows, pansi pa disiki iliyonse pamakhala kamzere kosonyeza kuchuluka kwa zimene zili m'kati. Masiku onse kamakhala kabuluu, koma malo otsala akachepera gawo limodzi mwa magawo khumi, kamasanduka kofiira. Pasanapite nthawi kompyuta imayamba kukana kusunga kalata, vidiyo imene mumakopera imaima pakati, ndipo makina onse amayenda ngati akudwala.

Anthu ambiri akaona zimenezi amayamba kufufuta chilichonse chimene maso awo agwerapo: makalata akale, zithunzi zingapo, nyimbo ziwiri zitatu. Madzulo onse amathera pomwepo, koma kamzere kaja kamakhalabe kofiira. Chifukwa chake n'chakuti kalata yolembedwa pa kompyuta nthawi zambiri siifika ngakhale megabayiti imodzi, pamene vidiyo imodzi ya ukwati ikhoza kudya magigabayiti angapo. Gigabayiti imodzi ndi mamegabayiti 1,024. Munthu akhoza kufufuta makalata chikwi, n'kupeza kuti malo amene wawombola ndi ochepa kuposa amene vidiyo imodzi yadya.

Pafupifupi pa kompyuta iliyonse yodzaza, malo ambiri amakhala atathera m'mafoda awiri kapena atatu okha. Ntchito yeniyeni ndi kuwapeza mafodawo musanafufute kanthu. Njira yake ndi imodzi kaya muli pa Windows, Linux kapena Mac: mumayeza mafoda onse a pamalo amodzi, mumalowa mu imene yalemera kwambiri, mumayezanso za m'kati mwake, ndipo pa sitepe iliyonse mumawonkhetsa manambala kuti muone ngati akukwana. Chimene chimasiyana ndi chida choyezera basi.

Chifukwa chake foda siionetsa kukula kwake

Tsegulani foda iliyonse mu File Explorer ndi kusankha maonekedwe a Details. Pa danga lolembedwa Size muona nambala pa fayilo iliyonse, koma pa mafoda pali pululu. Si kuti kompyuta yawonongeka ayi. Disiki imasunga kukula kwa fayilo iliyonse payokha, koma siisunga chiwonkhetso cha zonse za mu foda. Foda ndi mndandanda wa mayina chabe. Kuti kompyuta idziwe kulemera kwa foda, iyenera kulowa m'kati, kuwerenga fayilo iliyonse, kulowanso m'mafoda ang'onoang'ono a m'katimo mpaka pansi penipeni, kenako n'kuphatikiza zonse. Ikanati izichita zimenezi nthawi iliyonse mukatsegula zenera, bwenzi mukudikira kwambiri. N'chifukwa chake imadikira kuti muifunse.

Pa Windows mumaifunsa motere. Dinani foda ndi batani lakumanja la mawusi, kenako sankhani Properties pansi pa mndandanda. Njira yachidule ndi kusankha fodayo n'kukanikiza Alt ndi Enter pamodzi. Pakazenera kamene katseguke pali mizere itatu yofunika: Size, Size on disk ndi Contains. Womalizawu umanena kuchuluka kwa mafayilo ndi mafoda amene ali m'kati.

Musathamangire kulemba nambala yoyamba imene mwaona. Ngati foda ndi yaikulu, manambala amayamba pang'ono n'kumakwera inu mukuona, chifukwa kompyuta ikuwerengabe. Pa disiki yakale yozungulira ija, foda ya mafayilo ambirimbiri ikhoza kutenga mphindi zingapo. Dikirani mpaka manambala a pa Contains ataima. Chimene chimachedwetsa ndi kuchuluka kwa mafayilo, osati kulemera kwawo: foda ya mavidiyo khumi akuluakulu imayezeka nthawi yomweyo, pamene ya timafayilo 200,000 imakudikiritsani.

Ngati mafoda ndi ambiri, musavutike kuyeza imodziimodzi. Mukasankha angapo nthawi imodzi n'kukanikiza Alt ndi Enter, Properties imakupatsani chiwonkhetso cha onse. Choncho pamene pali mafoda 40, sankhani 20 oyamba muyeze, kenako 20 enawo. Gulu limene lalemera ligaweninso pawiri. Mukagawa kasanu kapena kasanu ndi kamodzi mumakhala mwafika pa foda imodzi.

Chitsanzo: laputopu ya wojambula maukwati

Tiyeni tiyerekeze laputopu ya munthu amene amajambula zinkhoswe ndi maukwati. Manambala otsatirawa ndi achitsanzo chabe, koma masanjidwe ake ndi amene mungawapeze pa makina ambiri.

Pa katoni ya laputopuyo panalembedwa 256 GB, koma This PC ikuonetsa 237 GB. Palibe amene waba. Opanga madisiki amawerengera gigabayiti ngati mabayiti 1,000,000,000, pamene Windows imawerengera 1,073,741,824, ndiye 256 ya pa katoni imakhala pafupifupi 238 pa sikirini, ndipo kagawo kena kakang'ono Windows imakapatula pa ntchito zake. Pa 237 GB imeneyi patsala 6 GB yokha. Ndiye kuti tikufunafuna kumene kwapita 231 GB. Lembani nambala imeneyi papepala, chifukwa ndi imene tiziyezera zonse.

Mwini wake akutsegula C: n'kuyeza mafoda amene akuoneka. Users ndi 151 GB, Windows ndi 31 GB, Program Files ndi 18 GB, ndipo Program Files (x86) ndi 7 GB. Zonse pamodzi ndi 207 GB. Pa 231 paja papelewera 24. Tibwererako kumeneko, koma pakadali pano njira yaoneka kale: Users yokha yadya kuposa theka la disiki.

Mu Users muli foda ya dzina la mwini laputopuyo, ndipo Properties ikuti ndi 150 GB. Akulowamo n'kuyezanso. Videos ndi 62 GB, Downloads 29 GB, Desktop 14 GB, Pictures 9 GB, Documents 3 GB, ndipo tina tonse totsala tikungokwana 1 GB. Kuphatikiza zonsezi tikupeza 118 GB. Koma foda yonse inali 150 GB. Nanga 32 GB ili kuti?

Apa ndi pamene kuwonkhetsa kumathandiza. Mukayeza foda yonse, Properties imawerengera ndi zobisika zomwe, koma mukalowa m'kati maso anu saziona. Kusiyana kwa manambala awiriwa ndi chizindikiro chakuti pali foda yobisika. Pa Windows 10 dinani View pamwamba pa zenera n'kuchonga Hidden items. Pa Windows 11 ndi View, kenako Show, kenako Hidden items. Nthawi yomweyo patulukira foda yooneka mozimiririka yotchedwa AppData, ndipo mukaiyeza ndi 32 GB ija ndendende.

AppData ndi kumene mapulogalamu amasungirako zinthu zawo. M'chitsanzo chathu, Local ya m'kati mwake ndi 27 GB, ndipo mu Local muli ziwiri zikuluzikulu: Temp, yomwe ndi 11 GB ya zotsalira za ntchito zakale, ndi foda ya pulogalamu yokonzera mavidiyo, imene yaunjika 12 GB ya timakope timene imadzipangira kuti vidiyo iziseweredwa msanga pokonza. Maukwatiwo anaperekedwa kale kwa eni ake, koma timakopeto tinatsalira.

Tsopano ku Videos. Pa 62 GB, foda ya Maukwati yatenga 48, ndipo m'menemo ukwati umodzi wokha ndi 30 GB pamene ena onse ndi ochepera 6. Nambala yotere iyenera kukudabwitsani. Kutsegula fodayo, muli mafoda awiri a dzina lofanana, koma ina ili ndi mawu akuti "- Copy" kumapeto. Iliyonse ndi 15 GB, ndipo pa Contains manambala ake ndi ofanana. Tsiku lina dzanja linaterereka pokoka foda, Windows n'kupanga kope lachiwiri mwakachetechete. Ku Downloads nakonso kuli mafayilo othera ndi (1) ndi (2), kusonyeza kuti chinthu chimodzi chinatsitsidwa kawiri kapena katatu.

Taonani kumene tafika. Kope la ukwati 15 GB, Temp 11 GB, timakope ta pulogalamu 12 GB: malo okwana 38 GB apezeka m'mafoda atatu, popanda kukhudza kalata kapena chithunzi chilichonse. Mafoda a Documents ndi Pictures, kumene anthu amayambira kufufuta, onse pamodzi anali 12 GB yokha.

Nanga 24 GB ija inapelewera pa C: penipeni? Zobisika zitaonekera, patuluka ProgramData ya 5 GB. Zotsalazo ndi zinthu zimene Windows imabisa ngakhale mutachonga Hidden items: fayilo ya pagefile.sys imene imathandizira makina akadzaza ntchito, hiberfil.sys imene imasunga zimene munali kuchita kompyuta ikagona tulo tofa nato, zosungira zobwezeretsera Windows ikawonongeka, komanso Recycle Bin. Kupelewera kotere pamwamba pa C: n'kwachibadwa. Koma mukaona kuti kwafika theka la disiki, yambani mwasuzumira mu Recycle Bin, chifukwa chinthu chofufutidwa chimadyabe malo ake onse mpaka binilo litakhuthulidwa.

Size kapena Size on disk?

Manambala awiriwa amasokoneza anthu. Size ndi kuchuluka kwa zimene zalembedwa m'mafayilo. Size on disk ndi malo amene disiki yapereka kuti zimenezo zikhalemo. Amasiyana chifukwa disiki siigawa malo bayiti imodziimodzi, imagawa m'timagawo tofanana, ndipo pa disiki ya Windows kagawo kamodzi nthawi zambiri ndi 4 KB. Zili ngati mu minibasi: mwana akakhala pa mpando wakewake amalipira mpando wonse ngakhale sakuudzaza. Fayilo ya 2 KB imatenga kagawo kathunthu ka 4 KB, ndipo ya 5 KB imatenga tiwiri.

Pa vidiyo yaikulu kusiyanaku sikuoneka n'komwe. Kumaonekera pa timafayilo tambirimbiri. Mafayilo 10,000 a 2 KB iliyonse amaonetsa Size ya pafupifupi 20 MB, koma Size on disk ya pafupifupi 39 MB. Mukawakopera pa fulashi ya 64 GB imene inakonzedwa mwa mtundu wa exFAT, kumene Windows imapereka timagawo ta 128 KB ngati simunasinthe, mafayilo omwewo amadya malo oposa gigabayiti imodzi.

Nthawi zina zimatembenuka, Size on disk n'kukhala yochepa. Izi zimachitika ngati mafayilo anapanikizidwa, kapena ngati foda ili mu OneDrive ndipo mafayilo ake ali pa intaneti pokha, pa kompyuta pangotsala mayina okhala ndi kachizindikiro ka mtambo. Foda yotere ikhoza kuonetsa Size ya 20 GB koma Size on disk ya pafupifupi ziro. Kuifufuta sikuwombola malo alionse, ndipo choopsa n'chakuti mafayilowo amafufutikanso ku intaneti komweko.

Lamulo lake n'losavuta. Pofufuza chimene chadzaza disiki, yang'anani Size on disk. Poyerekeza makope awiri kuti muone ngati ali ofanana, yang'anani Size, makamaka nambala yaitali ya mabayiti imene ili pambali pake.

Pa Mac, mnzake wa Properties ndi Get Info, ndipo amatseguka ndi Command ndi I. Mac ilinso ndi mwayi umene File Explorer ilibe: mukaika Finder pa maonekedwe a mndandanda, n'kutsegula Show View Options ndi kuchonga Calculate all sizes, mafoda onse amaonetsa kukula kwawo pa mzere umodzi.

Lamulo la du: mafoda onse nthawi imodzi

Vuto la Properties ndi lakuti mumayeza foda imodzi, kulemba, kutseka, kuyeza ina. Pa Linux ndi pa Mac pali lamulo limene limachita zonsezi kamodzi. Dzina lake ndi `du`, ndipo ndi lakalekale: linalipo kale mu Unix yoyamba ya 1971. Limangowerenga basi, silifufuta kapena kusintha kanthu, choncho musaope kuliyesa.

Tsegulani Terminal mulembe izi:

```
du -h -d 1 ~ | sort -h
```

Chidutswa chilichonse chili ndi ntchito yake. Kachizindikiro ka `~` kakuimira foda yanu yaikulu, imene muli Documents, Downloads ndi zina. `-h` ikuuza `du` kuti ilembe manambala osavuta kuwerenga, okhala ndi K, M kapena G. `-d 1` ikutanthauza kuti ionetse mafoda a sitepe imodzi yokha kutsika pansi. Imawerengabe zonse mpaka pansi, koma siikutchulirani foda iliyonse ya m'katikati, zimene zikanadzaza sikirini ndi mizere masauzande. Kamzere koimirira kaja kamatenga zotsatira n'kuzipereka kwa `sort -h`, imene imazisanja kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu. Zotsatira zake zimaoneka chonchi:

```
2.1G  /home/ofesi/Documents
6.4G  /home/ofesi/Pictures
9.8G  /home/ofesi/.cache
14G   /home/ofesi/.local
23G   /home/ofesi/Downloads
41G   /home/ofesi/Videos
97G   /home/ofesi
```

Werengani kuchokera pansi. Mzere womaliza ndi chiwonkhetso cha zonse, osati foda ina yapadera. Pamwamba pake pali wolakwa wamkulu, Videos. Kuti mulowemo, bwerezani lamulo lomwelo mutasintha malo:

```
du -h -d 1 ~/Videos | sort -h
```

Ngati dzina la foda lili ndi mpata pakati, liikeni m'zizindikiro zogwira mawu, mwachitsanzo `~/Videos/"Ukwati wa June"`, apo ayi `du` iganiza kuti mwatchula mafoda atatu.

Musasiye `-h` wa pa `sort`. Popanda iyeyo kompyuta siisamala kuti K ndi yaing'ono kuposa G, ndipo ikhoza kuika foda ya 900K pansi pa ya 41G ngati kuti ndiyo yaikulu.

Pa mndandanda uja onaninso mayina awiri oyamba ndi kadontho. Pa Linux dzina likayamba ndi kadontho ndiye kuti ndi lobisika. Mu `.cache` mumakhala zimene mapulogalamu asunga mongoyembekezera, ndipo mu `.local/share/Trash` ndi mmene mumagwera zimene mwataya mu bini. Anthu ambiri anazolowera kulemba `du -sh *`, lamulo limene limagwira ntchito ndithu, koma kanyenyezi kaja kamalumpha mayina onse oyamba ndi kadontho. M'chitsanzo chathu munthu wotero sakanaona 24G yathunthu, gawo limodzi mwa magawo anayi a zonse. N'chifukwa chake `-d 1` ndi yodalirika.

Komabe `-d 1` nayo ili ndi pobisalira. Imatchula mafoda okha. Fayilo yaikulu imene yangokhala payokha, osati mu foda yaing'ono, imawerengedwa pa chiwonkhetso koma dzina lake silituluka. Ngati mizere ya pamwamba ikukwana 20G koma wapansi ukuti 55G, pa Linux onjezani `-a` kuti mafayilo nawonso aoneke:

```
du -ah -d 1 ~/Downloads | sort -h | tail
```

Mawu akuti `tail` amakusiyirani mizere khumi yomaliza, yomwe ndi ya zinthu zikuluzikulu.

Pamene manambala akunama

Mukafuna kuyeza disiki yonse, osati foda yanu yokha, pali misampha iwiri. Woyamba ndi chilolezo. `du` ikafika pa foda imene simuloledwa kutsegula, imalemba `Permission denied` n'kupitirira, ndipo za m'fodayo siziwerengedwa. Ena amaonjezera `2>/dev/null` kuti mauthengawo asaoneke, koma kumeneko n'kungotseka pakamwa: chiwonkhetso chimakhalabe choperewera. Mankhwala ake ndi kuyamba ndi `sudo`, ngati muli ndi udindo pa makinawo. Properties ya pa Windows ilinso ndi vuto lomweli, koma yoipirapo chifukwa siikuchenjezani. Foda ya munthu wina pa kompyuta yogwiritsa ntchito anthu angapo ikhoza kuonetsa nambala yochepa kwambiri, mwinanso ziro, pamene ndi yodzaza.

Msampha wachiwiri ndi madisiki ena. Pa Linux fulashi kapena disiki yakunja imaoneka ngati foda wamba pansi pa `/media` kapena `/mnt`, ndipo `du` imalowamo n'kuiphatikiza. Mukhoza kupeza chiwonkhetso choposa disiki imene mukuyeza. Kuonjezera `-x` kumaiuza kuti isawoloke malire:

```
sudo du -xh -d 1 / | sort -h
```

Nambala yomaliza iyerekezeni ndi imene `df -h` ikuonetsa pansi pa Used. Lamulo la `df` silimawerenga mafayilo, limangofunsa disiki kuti malo ogwiritsidwa ntchito ndi angati. Manambala awiriwa akayandikana, zonse zili bwino. Koma `df` ikati 90G pamene `du` ikuti 60G, kawirikawiri pamakhala fayilo imene inafufutidwa pulogalamu ina ikuigwiritsabe ntchito. Dzina lake linachoka, choncho `du` siiiona, koma malo ake sabwerera mpaka pulogalamuyo itaisiya. Izi zimachitikachitika pa maseva, munthu akafufuta fayilo yaikulu ya mu `/var/log` n'kudabwa kuti disiki ikadali yodzaza. Lamulo la `sudo lsof +L1` limaonetsa mafayilo otere ndi pulogalamu imene yawagwira. Mukaiyambitsanso pulogalamuyo, kapena kompyuta yonse, malo amabwerera.

Palinso nthawi imene nambala imaposa zenizeni. Fayilo imodzi ikhoza kukhala ndi mayina awiri m'mafoda awiri, pamene pa disiki ili imodzi yokha. `du` imazindikira zimenezi n'kuiwerenga kamodzi, koma Properties imaiwerenga paliponse pamene yaipeza. N'chifukwa chake foda ya WinSxS, imene ili m'kati mwa Windows, imaoneka yaikulu kuposa mmene ililidi: mafayilo ake ambiri ndi omwewo amene ali m'mafoda ena a Windows.

Mwaipeza foda, tsono mutani?

Kukula kwa foda si umboni wakuti ndi yosafunika. Zimene mwapeza zigaweni patatu.

Gulu loyamba ndi zanu: mavidiyo, zithunzi, zimene munatsitsa. Izi ndinu nokha mungaweruze. Makope awiriawiri fufutani limodzi mutatsimikiza kuti Size ndi Contains zikufanana. Ku Downloads ganizani kawiri, chifukwa pulogalamu ya 4 GB imene mwataya lero idzafuna bandulo ina kuti muitsitsenso, ndiye mwina n'kwabwino kuisamutsira pa disiki yakunja. Posamutsa, koperani kaye, yerekezani nambala ya mabayiti ya pa Size ndi ya mafayilo ya pa Contains mbali zonse ziwiri, kenako ndiye mufufute choyambacho. Dziwaninso kuti fulashi ya mtundu wa FAT32 siilandira fayilo imodzi yofika 4 GB ngakhale itakhala yopanda kanthu.

Gulu lachiwiri ndi zimene mapulogalamu amadzipangira okha, monga Temp ndi `.cache`. Zambiri mwa izi zikhoza kuchoka, koma njira yabwino ndi kudzera pa khomo lake. Pa Windows pitani ku Settings, System, Storage, kenako Temporary files, kapena tsegulani Disk Cleanup. Mapulogalamu okonzera mavidiyo ndi osakatulira intaneti amakhala ndi batani lawolawo lochotsera zosunga zawo. Musafufute AppData yonse, chifukwa mapulogalamu ena amasungamo zinthu zosabwerera monga makalata a imelo ndi mawu achinsinsi. Pa Ubuntu ndi abale ake, `sudo apt clean` imachotsa mapaketi amene anatsitsidwa n'kuikidwa kale.

Gulu lachitatu ndi za makina eniake: Windows, WinSxS, Program Files, `/usr`, `/var/lib`. Izi musazikhudze ndi dzanja ngakhale nambala yake ikukuyabwani. Pulogalamu yosafunika ichotseni kudzera ku Settings ndi Apps, osati pofufuta foda yake. Foda ya Windows.old, imene imatsala mukakweza Windows, nayonso ili ndi malo ake ochotsera mu Disk Cleanup.

Pomaliza khuthulani bini, kenako yang'ananinso This PC kapena `df -h`. Pa laputopu ya wojambula uja, 6 GB yotsala iyenera kufika pafupifupi 44 GB. Ngati nambala yasuntha mofanana ndi zimene munachotsa, ntchito yatha. Ngati siinasunthe, zinthuzo zikadali mu bini kapena pulogalamu ina yazigwirabe. Ndipo ngati malo abwerera koma patatha sabata imodzi disiki yadzazanso, sungani pepala lanu la manambala, muyezenso mafoda omwewo n'kuyerekeza. Foda imene yakula pakati pa miyezo iwiriyo ndi imene ili ndi pulogalamu yolemba mosalekeza, ndipo pulogalamu imeneyo ndiyo yofunika kuikonza.